Za kukweza mtengo wa makeke zija, umu ndi mmene zayendera

"Ndilembe bwanji pa kapushoni kuti makeke akwera mtengo koma makasitomala anga akale asathawe?"

Ndinafunsa zimenezi mwezi watha, ndiye ndati ndikuuzeni. Ndinalemba chonchi: "Kuyambira pa 1 mwezi wa mawa keke yaing'ono ikhala K30,000 kuchoka pa K25,000. Shuga, mazira ndi majarini zakwera. Saizi ndi kakomedwe sizisintha. Amene munapereka kale dipoziti mulipira mtengo wakale."

Ndinaponya kutatsala masabata awiri kuti anthu akonzeke, koma okhazikika aja ndinayamba ndawatumizira pa WhatsApp aliyense payekha asanaone pagulu, ndipo apa mpomwe zinathandiza kwambiri chifukwa munthu wakhala akukugula kuyambira kale sasangalala kumva nkhani limodzi ndi alendo. Ena anati ndingochepetsa saizi mwakachetechete, ayi ndinakana, kasitomala amaona ndithu ndipo sabweranso.

Ambiri angoti tamva, zinthu zakweradi. Mayi wina anadandaula kuti bajeti yake siyikwana, tagwirizana kuti azitenga yopanda zokongoletsa zambiri pa K27,000, waoda kale ya Loweruka.