Madzi akulowabe pa mphindi 120: nditenge nambala iti ya masipurinkala?

Wa ku Mitundu: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndayeza kalowedwe ka madzi m'munda wa katondo womwe tikufuna kuikamo masipurinkala. Ndinathira madzi m'maring'i awiri, ina mkati mwa inzake. Ring'i yamkati ndi ya masentimita 30 m'mimba mwake, yakunja 60, zonse ndinakhoma masentimita 10 m'dothi. Pamwamba ndi mphindi, pansi ndi mamilimita onse omwe alowa chiyambire:

```
t   5   10  20  30  60  90  120
F   13  19  28  35  55  73  89
```

Ndaika fomula ya Kositiyakovu, `F = k*t^a`, ndapeza `a = 0.62` ndi `k = 4.55`. Koma pa mphindi 30 ikupereka 37 pomwe ine ndinawerenga 35, pa 60 ikupereka 58 m'malo mwa 55. Ndalakwa pati? Nanga liwiro lokhazikika la kalowedwe ka madzi ndilembe zingati?

Mlangizi wa ku Nathenje: Achimwene, musadzivutitse ndi masamu. Theka la ola lomaliza mwalowa mamilimita 16, ndiye 32 pa ola. Lembani imeneyo basi.

Mayi Injiniya: A ku Nathenje, kuwerengako ndi kolondola, koma 32 imeneyo siinakhazikike. Theka la ola lapambuyo pake munalowa 18, tsopano 16, ndiye liwiro likutsikabe. A ku Mitundu anazula maring'i msanga.

Masamu anu ali bwino, a ku Mitundu, vuto ndi fomulayo. Jambulani logi ya `F` ndi logi ya `t`. Kositiyakovu imafuna mzere wowongoka, koma wanu ukupindikira m'mwamba: pakati pa mphindi 5 ndi 10 kupendekeka kwake ndi 0.55, pakati pa 60 ndi 120 kwafika 0.69. Chifukwa chake n'chakuti poyamba dothi louma limakoka madzi lokha, kenaka likakhuta amangotsika ndi kulemera kwawo pa liwiro lomwe silisinthanso. Kositiyakovu gawo lachiwirili ilibe. Mukaisiya ithamange, liwiro limangotsikira ku ziro: pa maola 10 ikupatsani 15 pa ola, kupitirira apo ikupatsani yocheperaponso.

Yesani iyi: `F = k*t^a + fc*t`, pomwe `fc` ndi liwiro lokhazikika lija. Ine ndaika `fc = 0.4` pa mphindi, ndiye 24 pa ola. Chotsani `0.4*t` pa nambala iliyonse, mutsala ndi 11, 15, 20, 23, 31, 37, 41. Zimenezi pa logi zikuwongoka ndithu, `a` ikubwera 0.41, `k` pafupifupi 6.

Wa ku Mitundu: Zikomo mayi. Ndiye ndilembe 24?

Mayi Injiniya: Musathamange. 0.4 ndachita kusankha ndine, ndipo mukaika 0.35 mzere uonekanso wabwinobwino. Maola awiri sangasiyanitse ziwirizi. Pali njira inanso yogwiritsa ntchito Kositiyakovu yanu yomweyo: liwiro limatengedwa kuti lakhazikika likamasintha ndi gawo limodzi mwa magawo 10 pa ola, ndipo nthawiyo ndi `600*(1-a)`. Kwa inu ndi mphindi pafupifupi 230, liwiro lake 22 pa ola. Njira ziwirizi zikuloza dera limodzi, ndipo zonse zikukuuzani kuti munayenera kukhala pa ring'ipo maola anayi.

Wa m'dambo: Ine ku Diamphwe madzi anatha m'ring'i ndisanatsegule n'kope lomwe. Makande ake anali ong'aluka. Fomula imeneyi ingandithandize?

Mayi Injiniya: Ayi bambo, inu munayeza ming'alu, osati dothi. Nyowetsani malowo dzulo lake kuti makande afufume, muyeze mawa. Ya a ku Mitundu ndi nkhani ina.

Mlangizi wa ku Nathenje: Chabwino ndavomera, koma funso langa ndi ili: madzi a ring'i yakunja ankafanana msinkhu ndi amkati? Anyamata otunga akatopa, yakunja imaphwa, amkati n'kuyamba kuthawira m'mbali. Pamenepo nambala zakumapeto zimakwera zabodza, ndipo kupindika mukukunenako kungachokere pomwepo. Katondo wakunonso chiswe sichisowa.

Wa ku Mitundu: Yakunja inatsika kamodzi chakumapeto, madzi a m'dilamu atachepa. Una wa chiswe sindinauone.

Mayi Injiniya: Mfundo yabwino imeneyo, ngakhale sindikukhulupirira kuti kutsika kamodzi kungapinde mzere wonse kuyambira pa mphindi 30. Bwererani ndi madilamu awiri. Ring'i yakunja ndi imene imamwa kwambiri, chifukwa malo ake ndi aakulu katatu kuposa amkati. Sungani madzi pakati pa masentimita 7 ndi 10 m'maring'i onse, ndipo mukathira lembani msinkhu watsopano nthawi yomweyo. Yezani malo atatu, poti ring'i imodzi siyankhulira munda wonse.

Ndipo nambala iliyonse yomwe mupeze, liwiro lomwe masipurinkala azithirira madzi likhale pansi pake ndithu. M'ring'i madzi amakhala ataima pamwamba, pomwe madontho amamenya dothi n'kupanga kachikhakha kotseka timabowo.

Wa ku Mitundu: Pansi pake ndi zingati, mayi?

Mlangizi wa ku Nathenje: Ine pa katondo wotsetsereka sindipitirira theka.

Mayi Injiniya: Theka likhoza kuchuluka kapena kuchepa. Tiuzeni kaye kutsetsereka kwa mundawo ndi mbewu yomwe mudzalemo.