Meseji ikumaduka pakati ndikapesta, ndi netiweki kapena chani?

Wofunsa: Abale ndithandizeni nzeru. Kuntchito kwathu tili ndi webusaiti yomwe timatumizirana mameseji, ili ndi kabokosi kolembamo kenako umadina batani lotumiza. Ine ndimayamba ndalemba kaye pa laputopu mu Word kuti ndikonze bwino, ndikamaliza ndimakopa nkupesta mu kabokosiko. Lero ndatumiza malangizo a momwe titolere mafomu, mfundo 12, ndiye mnzanga wandiimbira kuti meseji yako yathera panjira, akuti mzere womaliza ukuti "mafomu onse mutumize Lachisanu, kupatu" basi yathera pompo. Ndakopanso yonse ndatumizanso, akuti yadukanso pa kupatu pomwepo. Palibe chenjezo lililonse lomwe likubwera, ikungoti yapita. Ndiye funso langa, ndingadziwe bwanji ndisanatumize kuti yaduka, nanga gawo lotsalali ndilitumize bwanji kuti anthu asasokonezeke poti ena awerenga kale yoyamba ija?

Kadzidzi: Netiweki imeneyo achemwali, dikirani usiku mutumizenso ikakhala bwino.

Mkulu wa Makompyuta: Netiweki ayi. Netiweki ikavuta meseji imakanika yonse kapena imachedwa kufika, siingamadule pa chilembo chimodzimodzi ulendo uliwonse. Mwanena nokha kuti kawiri konse yathera pa "kupatu", umboni wake ndi umenewo. Chinthu chikamaduka pamalo amodzi nthawi zonse ndiye kuti pali malire a zilembo, ndipo kutumizanso yonse sikuthandiza, anthu angolandira theka lomwelo kambirimbiri.

Mayi wa Awiri: Kodi mnzanuyo waona bwino pansi pa mesejiyo? Pa WhatsApp meseji ikatalika imaoneka ngati yaduka koma kumapeto kumakhala Read more, ukadina yonse imatuluka. Anthu ambiri sadina, amangoti sinathe.

Wofunsa: Ndamufunsa, akuti palibe chodina. Nanenso ndatsegula pa zomwe ndatumiza, kwanganso yathera pa kupatu.

Mayi wa Awiri: Ooh ndiye ndi zina zimenezo, koma ena azikumbukira zimenezi asanavutitse wotumiza.

Mkulu wa Makompyuta: Amayi afunsa funso loyenera kuyambira, kungoti pano si zimenezo. Poti kwa inu otumiza ikuonekanso yoduka, ndikukayikira kwambiri kuti inaduka nthawi yomwe mumapesta, isananyamuke nkomwe. Opanga webusaiti amatha kuika malire pa kabokosi chonchi:

```
<textarea maxlength="1000"></textarea>
```

Ukamalemba ndi dzanja umazindikira msanga chifukwa ukafika pa malire makiyi amangosiya kulemba. Koma ukapesta, mabrawuza ambiri amangotenga zilembo zomwe zakwana, zotsalazo amataya mwakachetechete. Ndipo poti kabokosiko nkakang'ono kamangoonetsa mizere yochepa, ukaona mawu ako alowa umangoti zonse zili bwino nkudina kutumiza.

Ndiye musanatumize chitani izi. Mukapesta dinani mkati mwa kabokosiko, kenako Ctrl+End kuti mufike kumapeto kwenikweni, pa foni ingoseserani mpaka pansi. Yerekezani mawu omaliza ndi a mu Word. Ine meseji yaitali ndimaimaliza ndi mawu oti MAPETO mu zilembo zazikulu, ndikapesta ndimangoyang'ana ngati alipo. Palibe, ndiye kuti yaduka. Wolandiranso akazolowera amadziwa yekha kuti iyi sinafike yonse.

Ndipo inu mwachita mwayi kuti yadukira pakati pa liwu. Ikanaduka zilembo 8 zokha mmbuyo ikanathera pa "mafomu onse mutumize Lachisanu", chiganizo chomveka bwinobwino, mnzanuyo sakanaimba foni, anthu akanatumiza onse kuphatikizapo omwe mumati apatulidwe aja. Kuduka koopsa nkomweko.

Kuti tidziwe malire ake enieni, kopani meseji yodukayo muike mu Word yatsopano, dinani Word Count muone pa Characters (with spaces), muchitenso chimodzimodzi ndi yonse ija mutiuze manambala.

Wofunsa: Yonse ndi 2,340, yodukayo ndi 987. Ndiye si 1,000 mwanenayo.

Mkulu wa Makompyuta: Werengani mizere, mu gawo lodukalo munadina Enter kangati?

Wofunsa: Ndawerenga, ka 13.

Mkulu wa Makompyuta: Ndi yomweyo, 987 kuphatikiza 13 ndi 1,000 ndendende. Word sawerengera Enter ngati chilembo koma kabokosiko kamawerengera. Mipata pakati pa mawu nayonso imawerengedwa, ndipo emoji zambiri zimadya malo a zilembo ziwiri, zina kuposa. Nchifukwa chake musamadule gawo lanu mpaka lifike 999, siyani malo.

Tsopano chenjerani apa. Zotsala zanu ndi 1,353, zaposa 1,000, ndiye mukangokopa kuyambira pomwe inadukira mpaka kumapeto nkupesta kamodzi idukanso, mutaya mfundo zomaliza muli nkuganiza kuti mwakonza. Zigaweni pawiri, pafupifupi 700 gawo lililonse, ndipo mudule pomwe mfundo yathera osati pakati pake. Chinanso musayambire pa "la a anthu amene" kuti anthu alumikize okha ndi kupatu uja, palibe amene angakwere m'mwamba kukalumikiza. Bwererani kumayambiriro kwa mfundo yomwe inadukayo muilembe yonse ndi nambala yake. Pamwamba ikani mzere woti meseji ija inaduka pa mfundo yakuti, ili ndi gawo 2 mwa 3, musachite kanthu musanawerenge gawo 3. Lomalizalo mulembe gawo 3 mwa 3 ndi MAPETO pansi.

Chimwemwe Chathu: Ine zinandichitikiranso, ndinafufuta mameseji onse mwangozi foni ili m'thumba. Pali amene akudziwa kubweza mameseji ofufutika?

Kadzidzi: Bwana imeneyo ndi nkhani ina, yambitsani positi yanu kkkk

Dalaivala Wakale: Bwanji osangojambula sikirinishoti ya mu Word nkutumiza chithunzi, nkhani yatha. Zonsezi za gawo 2 mwa 3 ndi ntchito yambiri.

Mayi wa Awiri: Sikirinishoti ine ayi. Ngati muli nambala ya akaunti kapena linki munthu sangakope, ayenera kulemba pamanja ndiye mpomwe amalakwitsa. Komanso pakatha mwezi sungaisake ndi mawu. Bola kutumiza fayilo yeniyeniyo ngati webusaitiyo imalola.

Dalaivala Wakale: Fayilo anthu satsegula amayi, ine ndikudziwa. Chithunzi amaona pompo.

Wofunsa: Yathuyi ilibe poika fayilo kapena chithunzi, ndi mawu okhaokha.

Mphunzitsi Wopuma: Ndifunse nawo poti nkhani ndi imodzi. Ine zanga zimachitika pa SMS. Ndimadziwa kuti malire ndi zilembo 160, ndiye ndimayesetsa kuti ndisapose, koma tsiku lina ndinapesta uthenga wa mizere iwiri yokha foni nkundiuza kuti ndi mameseji awiri, ndipo wolandira anati wangoona theka loyamba, linalo linafika patapita nthawi. Chinachitika nchiyani poti sunafike 160?

Mkulu wa Makompyuta: Aphunzitsi, 160 ndi yoona pokhapokha zilembo zonse zili zija wamba za SMS. Mukangoika chimodzi chomwe sichili pa mndandanda umenewo, uthenga wonse umasintha kalembedwe kake ndipo malire amatsika kufika pa 70. Emoji imodzi imachita zimenezo, ŵ wa kachipewa uja amachitanso, ngakhale zizindikiro zogwira mawu zopindika zomwe Word amaika yekha, nchifukwa chake zimakonda kuchitika pa zopesta. Uthenga ukapitirira umagawidwa mu zidutswa, chilichonse zilembo 153 kapena 67 ngati muli zilembo zachilendozo, foni ya wolandira ndiyo imazilumikiza. Apa ndiye Kadzidzi akanakhoza, chifukwa pa SMS chidutswa chimodzi chikhoza kuchedwa kapena kusowa panjira. Kusiyanitsa kwake nkosavuta, kwa inu otumiza uthenga umaoneka wathunthu, ndipo mukatumizanso nthawi zambiri umafika wonse.

Kadzidzi: Mwaonatu, ndinanena ine netiweki

Mayi wa Awiri: Munanena pa funso lolakwika kkk

Mphunzitsi Wopuma: Zikomo kwambiri, ndimalemba ŵ nthawi zonse ine, sindinaganizepo kuti ndi ameneyo.

Wa Shifiti ya Usiku: Mapulogalamu ena sabisa ngati kabokosi kanuko. Telegram malire ndi 4,096 pa meseji imodzi ndipo ukaposa imagawa yokha, Discord ndi 2,000 ndipo siilola kuti ipite ikaposa. Pomwe anthu amagwa kwambiri ndi mawu olemba pansi pa chithunzi, pamenepo malire amakhala ochepa kuposa a meseji wamba, pa Telegram ndi 1,024. Ndiye chithunzi pachokha, mawu aatali paokha.

Koma a Mkulu, za kuyang'ana kumapeto kwa kabokosi sizigwira paliponse. Komwe ndimagwira kale kabokosi kamalandira zonse, ngakhale pa zotumizidwa zanga zimaoneka zathunthu, koma wolandira amapeza zoduka.

Mkulu wa Makompyuta: Zoona zimenezo, pamenepo kudula kumachitika kuseri uthenga utachoka kale, mwina posunga kapena poupereka kwa wolandira, ndipo inu simungakuone. Chomwe chimathandiza ndi kudzitumizira wekha kaye ngati nkotheka, apo ayi funsani wolandira kuti akuuzeni mawu atatu omaliza omwe akuwaona. Osafunsa kuti mwalandira, aliyense amayankha eya.

Wa Shifiti ya Usiku: Koma ngati mukutumizira anthu 40 simungafunse aliyense.

Mkulu wa Makompyuta: Mmodzi akwana ngati onse akuwerengera pamalo amodzi. Ngati ena amalandira pa imelo ena pa foni ndiye funsani mmodzi mbali iliyonse, malire amatha kusiyana.

Wofunsa: Ndagawa monga mwanenera, gawo 2 layambira pa mfundo 6 yonse mpaka 9, gawo 3 kuyambira 10 mpaka 12, ndapesta ndaona MAPETO alipo, mnzanga watsimikiza kuti zonse zafika. Chatsala nchoti mmodzi wayankha gawo 3 lokha akufunsa za Lachisanu, zikuoneka kuti gawo 2 sanaliwerenge poti yatsopano imakhala pamwamba. Mwina ulendo wina ndiziyamba kutumiza gawo lomaliza kuti loyamba likhale pamwamba?

Mayi wa Awiri: Ayi musatero, amene ali pa intaneti nthawi imeneyo alandira gawo 3 poyamba asokonezeka kwambiri.

Dalaivala Wakale: Ine ndingatero, ambiri amawerenga mochedwa. Kapena fupikitsani malangizowo akwane 1,000, mfundo 12 zachulukanso.

Wofunsa: Mfundozo si zanga bambo, ndangopatsidwa kuti ndifalitse, sindingachotsepo.