Nkhope ikukana kukhazikika pa thupi la wonyamula zitsulo

Tamanda: Akuluakulu, ndibwerekeni maso. Mayi wina wandipatsa ntchito ya khadi la tsiku lobadwa la mlongo wake, saizi ya A5 losindikiza, ndi lina lotumiza pafoni. Akufuna nkhope ya mlongo wakeyo ikhale pa thupi la chiphona chonyamula zitsulo, chifukwa bamboyo ndi wochepa thupi ndipo kwawo amasekana nazo. Mwini nkhope akudziwa, wandilembera yekha kuti ndipange, bola lisapite pa Facebook. Ndadula nkhope, ndaiika pamalo pake, m'mbali ndafewetsa ndi masiki. Koma ikungooneka ngati chigoba chomata. Pakhosi pali mzere, nkhope ndi yotuwa pamene thupi likunyezimira. Vuto lili pati?

Yamikani: Achemwali, musavutike ndi burashi. Tsitsani Opacity ya nkhope ifike 50 kuti maso ndi kamwa zigwirizane ndi za pansi, kenako bwezani pa 100. Sankhani nkhopeyo, pitani pa Select > Modify > Contract muchepetse mapikiselo ochepa, mufufute malo amenewo pa leyala ya thupi. Mukatero sankhani maleyala onse awiri, Edit > Auto-Blend Layers, Panorama, chongani Seamless Tones and Colors. Photoshop imalizitsa yokha.

A Mbewe: Njira imeneyo imalinganiza mtundu wa khungu, Yamikani, koma siisuntha mthunzi. Mayi Tamanda, tandiuzani ziwiri. Pa chithunzi cha thupi kuwala kukuchokera kuti, nanga pa nkhope? Chachiwiri, mutu wa bamboyo pa chithunzi chomwe anakutumizirani ndi mapikiselo angati kuchokera kuchibwano kufika kutsitsi?

Tamanda: Pa thupi kukuchokera kumanzere cha pamwamba, phewa lakumanzere ndi lomwe likuwala. Pa nkhope kukuchokera kumanja, anajambulitsa pafupi ndi windo. Mutu ndi mapikiselo pafupifupi 300. Chinabwera pa WhatsApp.

A Mbewe: Ndiye matenda ndi awiri. Loyamba ndi kuwala. Diso la munthu limazindikira msanga kuti mthunzi wa mphuno ukugwera kumanzere pamene wa chifuwa ukugwera kumanja, ngakhale mwini disolo sangathe kufotokoza chomwe chalakwika. Mungafewetse m'mbali mpaka dzanja litatopa, chigobacho sichichoka.

Lachiwiri ndi kuchepa kwa chithunzi. A5 pa 300 ppi ndi mapikiselo 1748 ndi 2480. Mutu ukatenga masentimita 5 pa khadi, ukufunika mapikiselo pafupifupi 590. Inu muli ndi 300, ndiye mwaukoka kawiri. Nchifukwa chake nkhope ili mbuu pamene thukuta la pathupi likuoneka dontho lililonse. WhatsApp imafinya chithunzi chikatumizidwa mwachizolowezi; auzeni atumize ngati Document.

Yamikani: Kuwalako ndi kosavuta. Flip Horizontal pa nkhope, basi.

A Mbewe: Tembenuzani thupi, nkhope ayi. Mbali ziwiri za nkhope ya munthu sizofanana: chipsera, nsidze imodzi yokwererako, mmene kamwa limapendekera akamaseka. Abale ake aona kuti china chake sichili bwino. Thupi la mlendo palibe amene akulidziwa, chongoyang'ana ndi zolembedwa pa zitsulo kapena pa lamba, zisawerengeke chobwerera.

Koma poti bamboyo anavomera, bwanji osamujambulanso? Aime poti windo likhale mbali yomwe kuwala kwa pathupi kukuchokera, mutu aupendeke monga wa chiphonacho, alume mano ngati akunyamuladi. Wojambula aime patali pang'ono, osati kudzijambula yekha foni ili pafupi, chifukwa zimakulitsa mphuno. Theka la ntchito yanu lithera pomwepo.

Mphatso: Ine ntchito zosintha nkhope ndinasiya, ndinene zoona. Kasitomala wina anati mnzake wavomera, ndinaika nkhope yake pa thupi la munthu woledzera atagwa pampando. Pansi ndinalemba kuti ndi nthabwala. Wina anadula mzere wapansiwo n'kutumiza m'magulu, mpaka kuntchito kwa munthuyo anakhulupirira. Mwini wake anali asanafunsidwe n'komwe. Tamanda, kanani ntchitoyo.

Tamanda: Pepani kwambiri a Mphatso, koma yanga ndi yosiyana. Uthenga wovomera wachokera pa nambala ya mwini wake, ndipo thupi lomwe ndasankha waliona. Komabe za kudula mzere zandigwira mtima, chifukwa nanenso mawu ndawaika pansi penipeni.

A Mbewe: Achotseni pamenepo. Pa losindikiza, mpeni ukalowa pang'ono mawu a m'mphepete amapita. Siyani mamilimita 3 a chithunzi otulukira kunja kwa mzere wodulira, mawu akhale mkati ndi mamilimita 5 kapena kuposa. Pa la pafoni, mawu akhale pa chithunzi chenichenicho, poti wodula akawachotsa awononganso nthabwala. Ine ndikanalemba pa lamba wa m'chiuno kapena pa chitsulo chozungulira chija: "Chithunzi chosinthidwa, thupili ndi lobwereka." Anthu aseka nawonso mawuwo, koma uthenga wamveka. Mukatha, chepetsani chithunzi pa sikirini chifanane ndi mmene chidzaonekere pafoni. Ngati simukutha kuwerenga, akuzeni.

Yamikani: Photoshop ili ndi Content Credentials, imasunga m'fayilo kuti chithunzi chinasinthidwa. Sizikukwana?

A Mbewe: Yatsani, sizolakwika. Koma munthu akajambula sikirini zonse za m'fayilo zimatsala, ndipo azakhali olandira khadi sakatsegula zimenezo. Chooneka ndi maso ndicho chimayenda ndi chithunzi.

Ndibwerere pakhosi paja. Ine sindidula nkhope yokha. Auto-Blend ija imasiya makutu, nsagwada ndi tsitsi la chiphona, mumatuluka munthu wachitatu amene sali uyu kapena uyo. Tengani mutu wonse, msoko ubisale pansi pa chibwano pomwe pali mthunzi kale. Ikani Curves pamwamba pa mutu, Create Clipping Mask, muyerekeze tsaya ndi phewa, Red, Green ndi Blue payekhapayekha. Musasinthe khungu la bamboyo kwambiri. Ngati kusiyana ndi kwakukulu, sinthani thupi kapena pezani lina. Kenako leyala yatsopano pa Multiply, mupake mthunzi wa chibwano pakhosi ndi burashi yofewa, mtundu muutenge pa mthunzi wa pathupi pomwepo, osati wakuda bii. Pomaliza Add Noise pang'ono pamutu kuti ufanane ndi thupi. Ndipo mutuwo ndimaukuza dala pang'ono, aliyense aone kuti ndi zoseketsa.

Yamikani: Apo pokha ndikukana, bambo Mbewe. Mutu waukulu umaoneka ngati ntchito ya wophunzira. Chizindikiro chilipo kale, asiyeni achemwali aonetse luso.

Mphatso: Ndipo ambiri amafuna khadi lodzidzimutsa. Ukafunsa mwini wake, chodabwitsa chatha. Mumatani?

A Mbewe: Ndimafunsabe. Ndimamuuza kuti nkhope yake ipita pa thupi lotani, ndani alandire, ndiponso ngati lipita pafoni. Mawu a mkati mwa khadi ndi tsiku lopereka zikhoza kukhala chinsinsi. Ena amati kufunsa mkazi wake n'kokwanira, ine sindivomereza.

Tamanda: Bamboyo watumiza chatsopano ngati Document, mutu ndi mapikiselo oposa 900, walumadi mano. Thupi sindinalitembenuze n'komwe, ndipo mzere wa pakhosi wasowa. Mawu ali pa lamba. Mutu ndapanga mitundu iwiri, waukulu ndi wamba, asankhe yekha asanasindikize. Chatsala n'chakuti thupili ndinaligula kwa ogulitsa zithunzi. Laisensi yawo imalola kuchotsa mutu wa munthu wawo n'kuikapo wina?

A Mbewe: Kusintha chithunzi ambiri amalola, koma aliyense ali ndi mawu ake pa zithunzi za anthu. Koperani ndime yonena zimenezo muiike muno, tiiwerenge limodzi musanapite kwa osindikiza.