Ndithandizeni: chikwatu chapita ndi rm, ndingachibweze bwanji?

Moni nonse. Ndimasamala seva ya Ubuntu pa ofesi ina ku Katoto, kuno ku Mzuzu. Dzulo chikwatu cha malipoti chinafufutidwa ndi `rm -rf`, ndipo bakapu yomwe tili nayo ndi ya mwezi watha.

Diski yake ndi ya ext4. Ndimaganiza kuti poti rm imangochotsa dzina, deta nkutsala, kubweza kukhala kosavuta. Koma mu `debugfs`, lamulo la `lsdel` silikuonetsa kanthu. Momwe ndamvera, ext4 ikamafufuta fayilo imapukutanso mndandanda wa mabuloko mu inode yake, ndiye deta ingakhalepo koma chosonyeza pomwe yakhala palibe.

Ndinazimitsa makinawo msanga kuti pasalembedwe zina pamwamba pake, ndinayatsa ndi fulashi, kenako ndinakopera patishoni yonse:

```
dd if=/dev/sda2 of=/mnt/kunja/seva.img bs=4M
```

Pa kopeyo extundelete yangopezako mafayilo ochepa. PhotoRec yatulutsa mulu wa mafayilo opanda mayina awo enieni, ngati `f1048576.pdf`, ena oduka pakati. Kuwasankha limodzilimodzi ndi ntchito yosatheka msanga, ndipo abwana akufuna malipotiwo Lolemba.

Akuluakulu amene munagwiritsapo ntchito ext4magic, kodi ingapeze makope akale a ma inode mu jenala yomwe ili pa kopeyi, mayina nkubwereranso? Jenala imalembedwa mozungulira, ndipo makinawo anagwirabe ntchito kanthawi asanazimitsidwe.

China chikundidetsa nkhawa: diskiyo ndi SSD. Ndingadziwe bwanji ngati `fstrim.timer` inapukuta kale mabulokowo? Kodi `journalctl -u fstrim` pa diski yakaleyo ndi yokwanira?