Makalata othokoza atatu, koma awiri akufanana

Moni nonse. Dzulo ndinali pa intavyu ya ntchito yowerengera ndalama, ndipo anandifunsa anthu atatu. Ndikufuna aliyense alandire imelo yakeyake yothokoza lero lisanathe.

Ya mkulu wa gawolo yatheka, chifukwa tinakambirana nthawi yaitali za kutseka mabuku kumapeto kwa mwezi, ndiye ndatchulamo zimenezo. Vuto lili pa awiri enawo. Mayi wolemba anthu ntchito anangofunsa tsiku lomwe ndingayambe, pomwe bambo winayo ankangolemba osayankhula. Ndayesa kusintha mawu oyamba okha, koma ndikawerenga zikumveka ngati kalata imodzi. Ndikuopa kuti akatumizirana adzaona.

Kodi munthu amene sanakufunseni kanthu mumamulembera zotani? Mizere iwiri yokha ingakwane?