Linki ya a Bambo a Tadala ikufika yopanda chithunzi

Bambo a Tadala: Mwadzuka bwanji abale a pa gulupu. Ndidakali kuno ku Mchesi, ku Joni ndibwerera mwezi wamawa. Mphwanga wa ku Kawale wandipangira webusayiti yoonetsa makabati a kukhitchini amene ndimakhoma. Dzulo ndinatumiza linki kwa mayi wina amene ndinamugwirira ntchito ku Pretoria kuti aponye pa gulupu ya aneba ake. Wandiyankha kuti yafika ngati mzere wa zilembo chabe, wopanda chithunzi, ndipo mnzake wina wakana kutsegula poopa kuti ndi za akuba. Talakwitsa pati?

Yamikani Kepi: Achimwene, bwanji osangotsegula tsamba la Facebook? Nlaulere, chithunzi chimatuluka chokha. Ine zopenta zanga zimayenda choncho.

Anaphiri Durban: Zoona chimatuluka, a Yamikani, koma amene alibe akaunti amaona pang'ono kenaka nkuuzidwa kuti alowe kaye. Komanso akaunti ikatsekedwa, zonse zapita. Bambo a Tadala, ndiponyereni linkiyo kumbali. Mphwanuyo anaiika pati?

Bambo a Tadala: Akuti pa GitHub Pages, sitinalipire kanthu. Ndaponya, achemwali.

Mayi a Chisomo: Pepani ndilowereko. Ndiye kuti pamenepo munthu angaikepo kalata zonse zofunsira ntchito? Ine ndili ndi satifiketi yosamalira okalamba, pasipoti ndi pemiti, ndatopa kumatumiza chimodzichimodzi.

Anaphiri Durban: Ayi mayi, pasipoti ndi pemiti musaike ndithu. Tsambali aliyense padziko akhoza kulitsegula, ndipo alipo anthu amene amatola mapepala a eni nkumabera nawo ena. Lembanipo kuti satifiketi muli nayo, pepala lenilenilo muzionetsa amene mwayankhula naye kale.

Anaphiri Durban: Bambo a Tadala, ndatsegula. Mavuto ndi awiri. Loyamba ndi la chithunzi chija. Munthu akamata linki mu WhatsApp, foni yake imapita pa tsambalo kukawerenga mizere ingapo ya pamwamba pa fayilo ya index.html, mkati mwa chigawo cha head. Mizereyo ndi imene imanena mutu, mawu ofotokoza ndi chithunzi choti chioneke. Mphwanu analembapo umodzi wokha, uwu:

```html
<meta property="og:image" content="Khitchini.JPG">
```

Pamenepa pakufunika adiresi yonse kuyambira pa https, osati dzina la fayilo lokha. Chinanso, fayilo imene anakweza ndi khitchini.jpg ya zilembo zazing'ono. Pa laputopu yake mwina zinkatseguka, koma GitHub Pages imatenga K wamkulu ndi k wamng'ono ngati zinthu ziwiri zosiyana. Alembe chonchi, asinthe dzinalanu kukhala dzina la akaunti yake:

```html
<meta property="og:title" content="Kitchen cupboards, Pretoria">
<meta property="og:description" content="Built-in cupboards, fitted and repaired">
<meta property="og:image" content="https://dzinalanu.github.io/khitchini.jpg">
```

Mawuwo ndalemba m'Chingerezi chifukwa aneba a mayi uja ndi amene aziwerenga. Musaike dzina lanu lokha pa mutupo. Amene walandira linki sakukudziwani, akufuna aone msanga kuti mumapanga chiyani ndipo muli dera liti.

Bambo a Tadala: Ndamuitana mphwanga, tili limodzi pa shedi. Akufunsa kuti chithunzicho chikhale chachikulu bwanji.

Anaphiri Durban: Chopingasa, mapikiselo 1200 mopingasa ndi 630 moimirira. Ine ndimaonetsetsa kuti chisapitirire makilobayiti 300, chifukwa chikalemera kwambiri WhatsApp imangochisiya. Chanucho ndi mamegabayiti 4, chongochokera mu kamera. Ndipo apa ndi pamene pali vuto lachiwiri. Mwaika zithunzi 18, chilichonse cholemera choncho, ndiye kuti munthu akatsegula akukoka mamegabayiti oposa 70. Ine ndadikira mpaka kutopa, chonsecho ndili pa netiweki ya kuntchito. Nanga wa kabandulo ka tsiku limodzi ku Chinsapo? Atseka asanaone ndi chitseko chimodzi chomwe.

Yamikani Kepi: Izo nzosavuta. Dzitumizireni nokha zithunzizo pa WhatsApp, zimatuluka zopepuka. Kenaka mukweze zimenezo.

Anaphiri Durban: Njira imeneyo imagwira, bola atumize ngati chithunzi, osasankha Document, chifukwa pamenepo fayilo imapita momwe ilili. Vuto lake simusankha nokha kukula kwake, ndipo mizere ya thabwa nthawi zina imafufutika. Kwa kalipentala mizereyo ndi malonda. Mphwanuyo atsegule tsamba lochepetsera zithunzi la squoosh.app, achepetse mopingasa kufika mapikiselo 1200, aziyerekeza chakale ndi chochepetsedwa mpaka chifike pafupi ndi makilobayiti 150 chikuonekabe bwino. Sankhani zithunzi 8 zokha. Zonse pamodzi zingopitirira pang'ono megabayiti imodzi.

Bambo a Tadala: Kutaya 10 kukundiwawa, achemwali. Khitchini ija ya thabwa loyera ndinaikhoma masabata atatu, mahinjesi ake ndinachita kuwayeza kawirikawiri kuti zitseko zikumane bwino.

Anaphiri Durban: Imeneyo ndiye ikhale yoyamba, ndipo muike ziwiri: khoma lisanakhomedwe ndi litatha. Pansi pake mzere umodzi, dera, mtundu wa thabwa, masabata atatu. Koma chija chikuonetsa geti ndi nambala ya nyumba chichotseni. Mwini nyumba akaona geti lake likuzungulira m'magulupu, sadzakutumiziraninso munthu.

Gift wa ku Biwi: Ine zinandionekera. Bwana wina anandipatsa chilolezo chojambula matailosi a kubafa, ine nkujambula ndi pabalaza pomwe, ana ake akuoneka pa chithunzi cha pakhoma. Anandiimbira usiku atapsa mtima. Kuyambira pamenepo ndimamuonetsa munthu chithunzi chenichenicho ndisanachiike paliponse.

Bambo a Tadala: Tasintha, tadikira mphindi zingapo, ndadzitumizira linki. Chithunzi sichikubwerabe.

Anaphiri Durban: Foni yanu ikukumbukira zakale. Onjezerani ?v=2 kumapeto kwa linki kuti iione ngati yatsopano. Mukamata, musafulumire kutumiza, dikirani kabokosi katuluke pamwamba pa malo olembera. Kakapandabe kutuluka, lembani adiresi ya chithunziyo payokha mu Chrome. Mukaona 404, dzina la fayilo silikugwirizana ndi limene lalembedwa.

Bambo a Tadala: Katuluka! Khitchini yoyera ija, mutu pansi pake. Mphwanga akuseka yekha.

Anaphiri Durban: Chatsala ndi batani loyankhulirana. Panopa mwangolemba nambala pansi penipeni. Ikani pamwamba linki ya wa.me/ yotsatana ndi nambala yonse, yopanda + komanso yopanda 0 woyamba. Ya ku Joni iyamba ndi 27, ya kumudzi ndi 265. Munthu akadina, uthenga ukulunjika kwa inu.

Bambo a Tadala: Ndiike iti? WhatsApp yanga ili pa nambala ya kumudzi, ndipo chaka chamawa ndikufuna ndizipezanso ntchito kwa amene akumanga kuno ku Lilongwe.

Yamikani Kepi: Ya 27 basi. Makasitomala akaona 265 amaganiza kuti muli kutali, ena amayamba ndi kutsitsa mtengo.

Gift wa ku Biwi: Koma simu za ku Joni zimafa munthu ukakhalitsa kumudzi osaigwiritsa ntchito. Yanga anaipatsa munthu wina, makasitomala nkumaimbira mlendo. Ya kumudzi ndakhala nayo zaka zambiri.

Anaphiri Durban: Nonse muli ndi mfundo. Ine ndikanapanga masamba awiri, la Pretoria ndi la Lilongwe la m'Chichewa, lililonse ndi nambala yake, koma ndiye kuti mafoni awiri kapena WhatsApp Business pa nambala inayo.

Bambo a Tadala: Ndiyambe ndaika ya kumudzi mpaka nditafika, ya ku Joni ndikaione kaye ngati ili moyo. Mayi uja ndamutumiziranso linki yatsopanoyi.

Mayi a Chisomo: Nanga ife osamalira okalamba, amene sitingajambule agogo a eni, pa chithunzi choyambacho tiikepo chiyani?