Mtanda wong'aluka ndi mizati inayi: alipire ndani K93,000?

Wapampando: Amayi ndi abambo, nkhani ya nyumba yathu yosungiramo soya tiyambe kuikambirana pano tisanakumane Loweruka. Tinapereka K600,000 kwa bambo amene tinawatuma kuti agule simenti, zitsulo, miyala ya kwale ndi matabwa, kuti tithire konkire pakhoma pomwepo komanso tiumbe tokha mizati ya mpanda. Iwo anabwera ndi mitanda isanu youmbiratu ya pamwamba pa zitseko ndi mazenera, ndi mizati 30. Tsopano mtanda wa pakhomo lalikulu wang'aluka, ndipo mizati inayi inafika itathyoka. A Msungichuma, tiuzeni mmene ndalama zinayendera.

Msungichuma: Malisiti ndili nawo, a Wapampando. Mizati 30 pa K12,000 umodzi inatenga K360,000, mtanda waukulu K45,000, mitanda inayi ing'onoing'ono K120,000, ndipo ngolo inadya K40,000. Anabweza K35,000, choncho palibe tambala imene yasowa. Zowonongeka ndi za K93,000, ndipo ine sindingazilembe m'buku ngati zotayika za gulu popanda chilolezo chanu, chifukwa ndalamazi zinachokera pa chiwongoladzanja chimene tikanagawana mu Disembala.

Bambo amene anatumidwa: Ndikuvomera kuti ndinasintha osakufunsani, koma ndinatero pofuna kupulumutsa nthawi. Kuthira pakhoma kumafuna matabwa, misomali ndi mitengo yochirikiza, kenako amisiri amadikira masiku angapo tikuthirira madzi pamwamba pa khoma, pomwe mtanda woumbiratu umakwezedwa m'mawa ndipo masana njerwa zimapitirira. Mvula yayandikira, ndipo sindinafune kuti itipeze tilibe denga.

Mayi a pagolosale: Alamu, zoumbiratu zonse ndi zachinyengo. Ogulitsa amachepetsa simenti kuti thumba limodzi libale katundu wambiri, n'chifukwa chake zimasweka ngati chigumu. Zothira pomwepo siziswekapo. Bwezani ndalama yonseyo.

Mmisiri wa m'gulu: Mayi, za kuchepetsa simenti zimachitikadi, koma mtanda uwu sunafe ndi zimenezo. Ndinapitako dzulo ndi hamala. Konkire yake ndi yolimba, imalira bwino ikamenyedwa, ndipo msomali suikanda. Khomolo ndi lotambalala mita imodzi ndi theka, mtandawo ndi wa mamita 1.8, choncho wakhala pa njerwa masentimita 15 mbali iliyonse monga ziyenera kukhalira. Mng'aluwo uli pakati penipeni, wayambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo pansi ndi pamene wayasama kwambiri. Nditagoba kumapeto kwake ndinapeza zitsulo ziwiri za Y10, zonenepa mamilimita 10, zili kumtunda. Mtanda ukasenza njerwa umapindikira pansi, kumtunda kwake kumapanikizika pomwe kunsi kumakokeka. Konkire imapirira kupanikizidwa koma kukokedwa siikutha, ndipo ntchito imeneyo ndi ya zitsulo, zomwe ziyenera kukhala kunsi, zitakutidwa ndi konkire yokwana masentimita awiri ndi theka kuti zisachite dzimbiri. Mtanda wathu anauika chadodolido, ndiye mbali yokokekayo inalibe chitsulo n'chimodzi chomwe.

Mlembi: Ngati zili choncho, bambo, ndiye kuti wolakwa ndi womanga amene tinamulemba ganyu uja, osati amene anagula. Kapena ndamva molakwa?

Mmisiri wa m'gulu: Mwamva theka, a Mlembi. Woumba wodziwa ntchito amalemba chizindikiro kumtunda kwa mtanda, chifukwa ukauma zitsulo sizionekanso, ndipo pa uwu palibe cholembedwa chilichonse. Komabe womanga akanayenera kufunsa kapena kugoba pang'ono kumapeto asanaukweze. Pothira pakhoma vuto limeneli silichitika popeza zitsulo umaziona ndi maso usanazikwirire, ngakhale kumeneko kuli mavuto akenso: matabwa amadontha madzi a simenti, konkire yosatsinderedwa bwino imatuluka ndi mabowo ngati chisa cha njuchi, ndipo ena amachotsa zochirikiza msanga. Ndaphwasulapo mitanda yothira pomwepo yambiri, mayi a pagolosale, choncho musanene kuti siisweka.

Agogo: Ana anga, ine silabu ya chimbudzi changa ndinagula youmbiratu, yozungulira ngati chivundikiro cha mphika, ndipo ilibe chitsulo m'kati, koma yatha zaka zambiri osang'aluka. Nanga bwanji mukuti chopanda chitsulo chimasweka?

Mmisiri wa m'gulu: Agogo, silabu yanuyo ndi yotukuka pakati, ndipo kutukukako kumachititsa kuti munthu akaimapo konkire ingopanikizika basi. Mtanda ndi wowongoka, sungachite chimodzimodzi. Silabu ya pachimbudzi ndi bwinodi kuiumbira pambali, chifukwa kuthira pamwamba pa dzenje kumafuna matabwa amene sungawachotsenso mosavuta.

Wapampando: Tibwerere ku mizati, chifukwa K48,000 ili kumeneko.

Bambo amene anatumidwa: Mizatiyo inathyokera pangolo, pamabampu a kudambo kuja. Wangolo anaisanja yotulukira kumbuyo, ndiye ineyo ndikuona kuti iyeyo ndi amene ayenera kufunsidwa.

Mmisiri wa m'gulu: Achimwene, kasanjidweko kanathandizira, koma ndinaona pothyokapo. M'kati mwake ndi modera ngati monyowa, mchenga ukuyoyoka ndi chala, ndipo muli waya ziwiri zokha pakati m'malo mwa zitsulo zinayi, chimodzi pakona iliyonse. Mizati imeneyi inali yaiwisi. Konkire imafuna kukhala yonyowa masiku osachepera asanu ndi awiri, ndipo mphamvu imene timawerengera imafika pa masiku 28. Mzati wa mamita 2.4, wonenepa masentimita 10 mbali zonse, umalemera pafupifupi makilogalamu 58, ndiye ukanyamulidwa uli wauwisi kulemera kwake komwe kumauthyola. Munawafunsa tsiku limene anaiumba? Tikanaumba tokha pansi pa mtengo wa mango uja, posakaniza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala ing'onoing'ono, mizati 30 ikanadya matumba pafupifupi asanu a makilogalamu 50, ndipo sikanakwera ngolo.

Bambo amene anatumidwa: Za tsiku sindinafunse. Koma chikombole tili nacho chimodzi chokha, ndiye mizati 30 ikanatitengera mwezi wathunthu. Nanga akanabwera tsiku lililonse kudzathirira madzi ndani, pamene kumsonkhano komwe timalipiritsana chindapusa cha kuchedwa?

Msungichuma: Funso limenelo ndi loona, koma ine chikundidetsa nkhawa ndi china. Mu mgwirizano wa mu Ogasiti munalembedwa bimu yozungulira nyumba yonse. Kodi mitanda isanuyi yalowa m'malo mwake?

Mmisiri wa m'gulu: Ayi, mayi, ndipo apa ndi pamene pali kutaya kwenikweni. Mtanda umangosenza njerwa za pamwamba pa khomo kapena zenera. Bimu yozungulira imathiridwa pakhoma pomwepo, zitsulo zake zitalumikizana ndi kupindidwa m'makona, kuti makoma anayi agwirane ngati thupi limodzi. Mitanda yodukaduka singachite zimenezo. Amene munaona nyumba za ku Karonga pambuyo pa zivomezi za mu Disembala 2009 mukukumbukira mmene makoma ankalekanirana m'makona. Bimu yathu tikanaithira pamutu pa zitseko ndi mazenera, ikanagwira ntchito ziwiri zonsezi. Tsopano tiyenera kuithirabe pamwamba, denga lisanakwere, ndipo ndalama yake mulibe m'bokosi.

Mayi a pagolosale: Ndiye mwaona? Si K93,000 yokha ayi. Ine masheya anga asakhudzidwe.

Wapampando: Ndamva mbali zonse. Maganizo anga ndi akuti K45,000 ya mtanda tiidule pa malipiro a womanga, theka lake lokha, ndipo theka linalo bambo akalifunse kwa woumba chifukwa chosalemba chizindikiro. Mawa apite ndi a Mlembi, atanyamula chidutswa cha mzati, kukapempha mizati inayi yokhwima. Ndiponso mizati 26 yotsalayo isadzalidwe mpaka mmisiri wathu ataiona umodziumodzi.

Bambo amene anatumidwa: Ndipita, a Wapampando. Koma woumbayo akakana, sindingalipire ndekha katundu amene gulu linamulandira n'kumutsitsa pangolo popanda wodandaula.

Msungichuma: Tinatsitsa usiku, bambo, ndipo tochi inali imodzi. Ine ndisiya mzere umenewu wosalemba m'buku mpaka Loweruka, pamodzi ndi funso la kumene ndalama ya bimu ichokere.